Ndalama zikuoneka mu akaunti koma sizikutapika: nkhani ya mabalansi awiri

Mukafunsa balansi pa ATM kapena pafoni, mabanki ambiri amakupatsani manambala awiri. Pakalisiti kapena pasikilini pamalembedwa `Ledger balance` ndi `Available balance`. Mabanki ena yoyambayo amailemba kuti `Current balance` kapena `Book balance`, koma chinthu chake ndi chimodzi. Masiku ambiri manambalawa amafanana ndipo palibe amawalabadira. Phokoso limabuka tsiku lomwe asiyana, makamaka kumapeto kwa mwezi mizere ikatalika m'mabanki a m'tauni muno mu Mzuzu: munthu akuona K2,000,000 mu akaunti mwake, koma makina akumukaniza kutapa K500,000. Ambiri amangoti banki yaba. Kawirikawiri sipakhala kuba ayi. Manambala awiriwa amayankha mafunso awiri osiyana.

Yoyambayo tiitche balansi ya m'buku. Iyi imayankha funso loti: pa zonse zomwe banki yalemba kale mu akaunti yanu, zolowa ndi zotuluka, kwatsala zingati? Ndi imene imatsatira sitetimenti mzere ndi mzere. Yachiwiriyo tiitche balansi yotapa. Iyi imayankha funso loti: mutafuna kulipira kapena kutapa panopa, banki ikulolani zingati? Kuti ipezeke, banki imatenga ya m'buku ija n'kuchotsapo ndalama zonse zomwe zili ndi mawu, kaya chifukwa munalonjeza kale munthu wina, kaya chifukwa banki yokhayo sinazilandirebe.

Taganizani za mwini hadiweya ku Luwinga amene ali ndi matumba 100 a simenti m'nyumba yosungiramo katundu. Mmisiri wina wabwera m'mawa, wagwirizana naye za matumba 20, wati galimoto idzanyamula mawa. Akawerenga matumba madzulo, apezabe 100. Koma wina akabwera kufuna 90, amuuza kuti alipo 80 okha. Sananame ponena 100, sananamenso ponena 80. Banki nayo imachita chimodzimodzi ndi ndalama zanu, ndipo pali zinthu ziwiri zomwe zimasiyanitsa manambala aja kawirikawiri: kulipira ndi khadi, ndi kuika cheke. Ziwirizi zimakankha manambala mosemphana. Khadi limatsitsa balansi yotapa ya m'buku isanatsike. Cheke chimakweza ya m'buku yotapa isanakwere.

Zomwe zimachitika mukaswaipa

Mwalowetsa khadi m'kamakina ka POS, mwalemba PIN, masekondi angapo kenako lisiti latuluka lolembedwa `APPROVED`. M'masekondi amenewo uthenga wayenda ulendo wautali ndithu. Kamakina katumiza pempho ku banki ya mwini sitolo. Banki imeneyo yadutsitsa pempholo ku banki yanu, kudzera pa Natswitch, yomwe yakhala ikulumikiza mabanki a m'dziko muno kuyambira 2015, kapena kudzera pa Visa kaya Mastercard. Banki yanu yaona ngati khadi lili bwino, ngati PIN ili yoona, ngati simunapyole malire a tsiku limenelo, komanso ngati balansi yotapa ikukwana. Ikakhutira imayankha kuti inde, n'kupereka kanambala kovomereza komwe mumakaona palisiti pamalo olembedwa `Auth code`.

Chofunika kumvetsa n'chakuti pa malipiro ambiri a khadi, inde ameneyu si kulipira. Ndi lonjezo. Banki yanu yauza banki ya mwini sitolo kuti ndalamazo zilipo ndipo yazisunga, adzazipeza akadzabwera kudzatenga. Kuti lonjezolo lisasweke, banki imagwira ndalamazo mu akaunti yanu. Sizinachoke, n'chifukwa chake balansi ya m'buku siisintha. Koma simungazikhudzenso, n'chifukwa chake yotapa imatsika nthawi yomweyo.

Kutenga kwenikweniko kumabwera pambuyo. Sitolo ikamatseka, kamakina kaja kamasonkhanitsa malonda onse a tsikulo n'kuwatumiza ku banki yake. Banki imeneyo imatumiza zofuna zake ku mabanki a makasitomala, ndipo banki yanu ikalandira, imalemba mu akaunti yanu kuti ndalama zatuluka, n'kumasula zomwe inagwira zija. Apa ndiye ya m'buku imatsika, yotapa n'kukhala pomwe inali. Zimenezi zimatha kutenga tsiku limodzi, awiri, nthawi zina kuposerapo ngati pakati padutsa Loweruka ndi Lamulungu kapena ngati mwini sitolo wachedwa kutseka kamakina kake.

Si malipiro onse omwe amayenda masitepe awiri chonchi. Mukatapa pa ATM ya banki yanu, kapena kutumiza ndalama pafoni ku akaunti ina, nthawi zambiri kuvomereza ndi kulemba m'buku zimachitikira pamodzi, ndipo manambala onse awiri amatsika limodzi. Malipiro ena a POS amayendanso motero. N'chifukwa chake munthu amatha kugwiritsa ntchito khadi kwa miyezi osaona kusiyanaku, n'kudzadabwa tsiku lomwe wagula chinthu pa intaneti kapena walipira ku hotela.

Cheke ndi pepala lopempha, si ndalama

Macheke akuchepa chaka ndi chaka pomwe anthu azolowera kutumizirana ndalama pafoni ndi pakompyuta, koma aliyense amene wachitapo bizinesi ndi masukulu, mipingo kapena mabungwe akudziwa kudikira kwake. Cheke ndi kalata chabe yomwe mwini akaunti walembera banki yake kuti ipereke ndalama zakutizakuti kwa uje. Mukapita nacho ku banki yanu, wapakauntala amadinda kapepala kanu, amalemba ndalamazo mu akaunti, ndipo meseji imatha kulowa pafoni kuti mwalandira K850,000. Balansi ya m'buku imakwera. Koma banki yanu sinalandire kalikonse. Yangolandira pepala loti ikakutengereni ndalama ku banki ina.

Kale pepala lenilenilo linkayenera kuyenda kukafika komwe mabanki amasinthanirana macheke, ndipo cheke choikidwa kuno kumpoto chinkachedwa kuposa cha ku Blantyre. Kenako mabanki anayamba kutumizirana chithunzi cha cheke m'malo mwa pepala, ndipo kulipirana kwa mabanki okhaokha kumadutsa mu MITASS, njira ya banki yaikulu ya Reserve. Zinafulumirako, koma kudikira sikunathe, chifukwa banki ya mwini cheke iyenera kupatsidwa mpata woona ngati siginecha ili yake, ngati ndalama zolembedwa m'mawu zikufanana ndi za m'manambala, ngati deti lake lafika kapena silinapitirire miyezi 6, ngati mwini wake sanachiletse, komanso ngati mu akaunti mwake muli ndalama. Chimodzi mwa izi chikalakwika, cheke chimabwezedwa. Mawu oti `Refer to drawer` pacheke chobwezedwa amakuuzani kuti mukafunse mwini wake, ndipo nthawi zambiri nkhani yake imakhala yoti ndalama munalibe.

Mpata umenewu usanathe, ndalama za cheke zimakhala m'buku koma sizilowa mu balansi yotapa. Mabanki ena amazionetsa padera pamzere wolembedwa `Uncleared effects`. Masiku odikirawo amawerengedwa ogwira ntchito okhaokha. Loweruka, Lamulungu ndi maholide ngati 6 Julaye kapena 15 Okutobala sawerengedwa, ndipo cheke choikidwa madzulo nthawi yotumizira macheke a tsikulo itadutsa chimatengedwa ngati cha mawa lake. Funso loyenera kufunsa pakauntala si loti "zalowa?" ayi, chifukwa akuyankhani kuti zalowa, ndipo sakunama. Funsani kuti: "Achemwali, zimenezi ndingadzatape tsiku liti?" Cheke cha banki yomweyo yomwe muli ndi akaunti chimafulumira, chifukwa maakaunti onse awiri ali m'nyumba imodzi.

Sabata imodzi mu akaunti ya mayi wa hadiweya

Tiyerekeze mayi wina amene ali ndi shopu ya zipangizo zomangira ku Chibavi. Manambalawa ndi ongoyerekeza, ndipo tinene kuti banki yake imadikira masiku atatu ogwira ntchito pa cheke cha banki ina. Zolipiritsa za banki tazisiya kaye pambali kuti masamu aoneke bwino.

Lachinayi m'mawa mu akaunti muli K1,200,000, ndipo manambala onse awiri akufanana. Cha m'ma 10 koloko waika cheke cha K850,000 chomwe walandira ku sukulu ina yomwe anaigulitsa malata. Ya m'buku yakwera kufika K2,050,000. Yotapa ikadali K1,200,000. Masana wathira mafuta a K90,000 m'galimoto yake yonyamulira katundu, walipira ndi khadi. Yotapa yatsika kufika K1,110,000, ya m'buku sinasunthe.

Lachisanu wapita kukapikula penti wa K400,000 ku holoselo ina m'tauni. Waswaipa, kamakina kazungulirazungulira, kenako kalemba kuti kalephera. Mnyamata wapakauntala akuti, "Netiweki yavuta amayi, tiyesenso." Ayesanso, ulendo uno lisiti latuluka, wanyamula penti wake. Chomwe sakudziwa onse awiri n'chakuti pempho loyamba lija linafika ku banki yake, banki inavomera n'kugwira K400,000, koma yankho linatayika panjira lisanafike pakamakina. Mwadongosolo lake, kamakina kakapanda kulandira yankho kamayenera kutumiza uthenga wofafaniza pempholo kuti banki imasule ndalama. Netiweki ikakhala yodukaduka, uthenga wofafanizawo nawo umatha kusowa. Choncho banki yagwira K400,000 kawiri. Yotapa yafika K310,000. Usiku womwewo za mafuta zija zalembedwa m'buku, ndipo ya m'buku yatsika kufika K1,960,000.

Loweruka m'mawa akufuna kutumiza K500,000 kwa amene amamubweretsera misomali ndi mawaya. Foni ikumuonetsa K1,960,000. Akutumiza, ikumuyankha kuti `Insufficient funds`. Ayesa kachiwiri, chimodzimodzi. Apa ndi pomwe mtima umaphulika, ndipo n'zomveka. Koma akanachotsera manambala awiriwo akanaona nkhani yonse:

```
  1,960,000
-   850,000
-   400,000
-   400,000
=   310,000
```

Mpata wa K1,650,000 uli pakati pa manambalawo uli ndi zigawo zitatu, ndipo ziwiri mwa izo n'zoyenera: cheke chomwe sichinakhwime, ndi penti yemwe wagula koma sanalembedwe m'buku. Chachitatu chokhacho ndiye cholakwika.

Lolemba za penti zalembedwa, kamodzi kokha, chifukwa mwini holoselo anatumiza malonda amodzi omwe kamakina kake kanawaona. Ya m'buku yafika K1,560,000, yotapa ikadali K310,000. Lachiwiri cheke chakhwima. Onani kuti patsikuli ya m'buku siisintha n'komwe, chifukwa K850,000 ija inalembedwa kale Lachinayi. Yotapa ndi imene yalumpha kufika K1,160,000. Kwatsala mpata wa K400,000 ndendende, zomwe zagwiridwa popanda wodzazitenga. Zikadzamasulidwa, manambala onse awiri adzakumana pa K1,560,000, ndipo pa sitetimenti sipadzaoneka mzere uliwonse woti ndalama zabwezedwa, pakuti sizinachokepo. Anthu ambiri amadikira meseji yoti ndalama zalowa, saiona, n'kupitanso kukakalipa ku banki pomwe zinamasulidwa kale.

Nanga cheke chija chikanabwezedwa? Lachiwiri lomwelo banki ikanafafaniza K850,000 m'buku, ya m'buku n'kugwa kuchoka pa K1,560,000 kufika K710,000. Yotapa sikanasuntha, chifukwa ndalamazo sizinalowemo chiyambire. Mayiyu akanataya malata ake ngati mwini cheke sanakonze zinthu, koma mu akaunti sakanakhala ndi ngongole. Kudikira kuja ndi kumene kwamuteteza, ngakhale kuti Loweruka lija kunamupweteka.

Kugwiridwa kawiri kapena kudulidwa kawiri?

Apa ndi pomwe ndimaona kuti anthu amataya nthawi yambiri m'mabanki, chifukwa amafika ndi dandaulo loti "mwandidula kawiri" pomwe vuto lili lina, ndipo mavuto awiriwa mankhwala ake ndi osiyana.

Tengani sitetimenti, ngakhale kaifupi ka pafoni kaja. Ngati K400,000 ikuoneka kamodzi pamizere ya zotuluka, ndipo pakati pa mabalansi awiri pali mpata wa K400,000, ndalama zanu zikadali mu akaunti. Zangogwiridwa. Palibe anazilandira, ndipo kupita kukakangana ndi mwini sitolo kuti akubwezereni n'kungomulakwira, chifukwa iye analandira kamodzi. Banki yanu ndi imene ingamasule. Ikapanda kuuzidwa kanthu, imadikira nthawi yomwe inaika yokha kuti ione ngati wina abwera kudzazitenga, ndipo nthawiyo ikatha zimamasuka zokha. Pa malonda wamba amakhala masiku angapo kapena sabata ndi kanthu, koma pa mahotela ndi makampani obwereketsa magalimoto zimatha kukhala mpaka mwezi.

Koma ngati K400,000 ikuoneka kawiri pa sitetimenti, ndipo mabalansi awiri akufanana, ndiye kuti ndalama zatulukadi kawiri ndipo zili m'manja mwa banki ya mwini sitolo. Izi sizibwera zokha. Pamafunika kuti mwini sitolo abweze, kapena inuyo mulembe dandaulo ku banki yanu kuti ikazitsate kudzera m'malamulo a makhadi. Madandaulo otere ali ndi nthawi yake yomwe ikadutsa banki imalephera kukuthandizani, choncho si nkhani yoti ndidzapita mwezi wamawa.

Pa zonse ziwiri, chomwe chimafulumizitsa zinthu ndi mapepala. Kalisiti kolephera kaja, komwe ambiri timakasiya pakauntala kapena kukafinyira m'thumba, ndi kamtengo wapatali kuposa kovomera. Pamakhala deti, nthawi, ndalama, nambala ya kamakina, ndipo nthawi zambiri nambala yotsatira malondawo yolembedwa `RRN`. Wa ku banki akakhala ndi manambala amenewa amapeza pempho lenilenilo m'kompyuta mosavuta. Akapanda kukhala nawo amayamba kukufunsani kuti linali tsiku lanji, nthawi yanji, inu n'kumayankha kuti kaya chinali Lachisanu kapena Loweruka. Kamakina kakapanda kutulutsa lisiti, jambulani sikilini yake ndi foni. Ndipo musanalole kuswaipa kachiwiri, tengani mphindi imodzi muone balansi yotapa pafoni. Ngati yatsika, dziwani kuti mukaswaipanso zigwiridwa kawiri, ndiye muone ngati zotsalazo zikukwanirani masiku akubwerawa. Pamzere wa m'sitolo anthu akumbuyo amang'ung'udza, inde, koma sadzakuthandizani kulipira lendi Lolemba.

Ndalama zikabwerera zokha, musafulumire kusangalala

Pali msampha wina wosemphana ndi umenewu. Mwagula katundu, mwanyamula, banki yagwira ndalama. Mwini sitolo wachedwa kutumiza malonda ake, kaya kamakina kanawonongeka, kaya anaiwala kutseka. Nthawi yogwira ija yatha, banki yamasula, ndipo balansi yotapa yakwera ndi ndalama zomwe munalipira. Munthu amaona ngati wapeza mwayi, n'kuzidya. Patapita masiku, malonda aja afika, ndipo banki imadulabe, chifukwa inavomera kale ndipo katundu munatenga. Ngati mu akaunti mulibe zokwanira, imalowa kunsi kwa ziro, ndipo ndalama zilizonse zodzalowa zimayamba zakwirira dzenjelo. Pa chifukwa chimenechi, ngakhale balansi yotapa simungaikhulupirire ndi maso otseka. Iyo imadziwa zokhazo zomwe banki yauzidwa. Siidziwa za cheke chomwe mwalembera munthu koma sanapite nacho ku banki, siidziwa za loni yomwe idulidwe pa 28, siidziwanso za malonda omwe nthawi yake yogwira inatha. Zimenezo zili m'mutu mwanu kapena m'kope lanu.

Nthawi zinanso zomwe zagwiridwa sizifanana ndi zomwe zidzadulidwe. Hotela imatha kugwira ndalama zoposa mtengo wa chipinda ngati chikole cha zakudya ndi zina, n'kudzatenga zenizenizo tsiku lotuluka. Mukagula chinthu cha madola pa intaneti, banki imagwira makwacha potengera mtengo wa dola wa tsiku limenelo, koma podula imatha kugwiritsa ntchito mtengo wa tsiku lomwe malondawo afika. Masiku wamba kusiyanaku kumakhala kochepa. Koma kwacha imatha kugwa tsiku limodzi, monga mu Novembala 2023 pomwe inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo malonda omwe ali panjira nthawi ngati imeneyo amatha kudulidwa makwacha ambiri kuposa omwe anagwiridwa.

Kubweza katundu nako kumasokoneza. Mukasintha maganizo pomwepo, malonda asanatumizidwe, wogulitsa amatha kufafaniza pakamakina ndipo ndalama zogwiridwa zimamasuka msanga. Koma ngati malonda analembedwa kale m'buku, kubwezako ndi ulendo watsopano wochokera ku banki ya wogulitsa kubwera ku banki yanu, ndipo umatenga masiku akeake. Wogulitsa akakuonetsani lisiti loti wabweza, sakunama, kungoti ndalama zili panjira.

Chifukwa chake akuba amakonda balansi ya m'buku

Kwa amalonda, mbali ya cheke ija ndi yomwe ili ndi ngozi yaikulu, ndipo chinyengo chake n'chakale koma chimagwirabe anthu. Munthu amaimba foni, wolankhula bwino, akufuna katundu wambiri, matumba a mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga kapena malata a nyumba yonse. Sanenerera mtengo. Akupempha nambala ya akaunti, ndipo posakhalitsa meseji yeniyeni ya ku banki yalowa pafoni yanu kuti mwalandira ndalama zonse. Mwayang'ana pa apu ya banki, nambala yakweradi. Galimoto yafika, yanyamula. Zimenezi amakonda kuchita Lachisanu masana kapena holide ikayandikira, kuti masiku osawerengedwa aja awapatse mpata wothawa. Lachiwiri kapena Lachitatu cheke chabwezedwa, chinali chakuba kapena cha akaunti yopanda kanthu, ndipo foni ya bwana uja siikupezekanso.

Mesejiyo sinali yabodza. Banki inalembadi ndalamazo m'buku. Chomwe wamalonda sanayang'ane ndi nambala yachiwiri ija, yomwe sinasunthe ngakhale tambala. Ena amawonjezera kachenjerero kena: amaika cheke choposa mtengo wa katundu, n'kuimba modandaula kuti alakwitsa, muwabwezere zapamwambazo pa Airtel Money kapena Mpamba. Mukatumiza, zomwe zapitazo ndi ndalama zanu zenizeni, zochokera mu balansi yotapa, kubweza ndalama zomwe sizinafikepo. Lamulo lake ndi lalifupi: katundu asatuluke, ndipo chenji chisabwezedwe, mpaka balansi yotapa itakwera ndi ndalamazo. Kasitomala weniweni amamvetsa mukamuuza kuti, "Bambo, tidikire chikhwime kaye, Lachitatu mudzanyamule." Wokakamira kuti galimoto ili kale panjira ndipo siingabwerere yopanda kanthu, muyang'aneni kawiri.

Nthawi zina banki imalola kasitomala amene imamudziwa bwino kutapa ndalama za cheke chisanakhwime. Ndi chifundo cha ngongole chimenecho, osati umboni woti cheke chili bwino. Chikadzabwezedwa, banki idzafuna ndalama zake kwa inu, osati kwa mwini cheke.

Mpata womwe sukutsekeka

Zogwiridwa za khadi ndi macheke osakhwima zimatha zokha pakapita masiku. Mukaona kuti mpata pakati pa manambala awiri ukungokhala womwewo mwezi ndi mwezi, gwero lake ndi lina. Maakaunti ambiri osungira ndalama ali ndi kandalama komwe banki imafuna kuti kazitsala nthawi zonse, ndipo mabanki ena amakachotseratu mu balansi yotapa. Ndalama zimathanso kutsekeredwa ngati chikole cha loni, yanu kapena ya munthu amene munamusainira, kapenanso polamulidwa ndi khoti. Izi sizimasuka ndi kudikira, ndipo wapakauntala akhoza kukuuzani chomwe chinatsekera ndi tsiku lomwe chinaikidwa.

Palinso nthawi yomwe yotapa imaposa ya m'buku, ndipo iyi imanyenga mokoma. Ngati muli ndi ovadilafuti, chilolezo cha banki chotapa ndalama zoposa zomwe muli nazo, mabanki ena amaphatikiza malire ake mu balansi yotapa. Mu akaunti muli K200,000, ovadilafuti yanu ndi ya K500,000, sikilini ikuonetsa K700,000. Pamenepa K500,000 ija ndi ngongole yomwe ikungodikira kuti muikhudze iyambe kubala chiwongoladzanja, ndipo nambala yokuuzani zanu zenizeni ndi ya m'buku.

Wosunga mabuku a bizinesi kapena msungichuma wa mpingo akamafananitsa kaundula wake ndi wa banki pakutha pa mwezi, agwiritse ntchito ya m'buku, chifukwa ndi imene ili pa sitetimenti, kenako alembe padera macheke omwe sanakhwime ndi malipiro a khadi omwe sanalembedwe. Koma pofuna kudziwa ngati malipiro a antchito atheka mawa, kapena ngati loni idulidwe bwinobwino pa tsiku lake, ayang'ane yotapa, pakuti kompyuta ya banki ikafika podula imayang'ana imeneyo. Ikapeza kuti siikukwana, malipirowo amalephera ndipo pamatha kubwera chindapusa, ngakhale m'buku mukuoneka mamiliyoni a cheke chomwe chikhwime mkuja.